Mafunso ndi mayankho: milatho ndi kutchingira kutali pamasewera a Heksi

Kodi cholinga cha masewerawa n'chiyani, ndipo zipinda za pabolodi timaziwerenga bwanji?

Heksi ndi masewera a anthu awiri amene Piet Hein anawayambitsa ku Denmark mu 1942, ndipo John Nash anawatulukiranso payekha pa yunivesite ya Princeton ku America zaka zingapo pambuyo pake. Bolodi yake imakhala ndi zipinda za mbali zisanu ndi imodzi, ndipo yofala kwambiri ndi ya zipinda 11 m'litali ndi 11 m'lifupi. Osewera amasinthana kuika mwala umodzi m'chipinda chilichonse chopanda kanthu, ndipo mwala ukaikidwa susunthanso kapena kudyedwa. Wopambana ndi amene wayamba kulumikiza mphepete zake ziwiri zoyang'anizana ndi mndandanda wosaduka wa miyala yake.

M'mayankho onse otsatirawa, Wofiira akulumikiza mphepete ya kumtunda ndi ya kumunsi, pamene Wabuluu akulumikiza ya kumanzere ndi ya kumanja. Mizere yopingasa ili ndi manambala, kuyambira 1 kumtunda mpaka 11 kumunsi, ndipo zipinda za mumzere uliwonse zili ndi zilembo, kuyambira a kumanzere mpaka k kumanja. Mzere uliwonse unasendera kumanja ndi theka la chipinda poyerekeza ndi umene uli pamwamba pake. Chifukwa cha kusenderako, chipinda cha pakati penipeni, f6, chimakhudzana ndi e6 ndi g6 m'mbali mwake, f5 ndi g5 kumtunda, komanso e7 ndi f7 kumunsi. Ndi bwino kuyala miyala pabolodi kapena kujambula zipindazi papepala powerenga, chifukwa zambiri zimene zikunenedwa pano zimaoneka msanga ndi maso kusiyana ndi kuzisunga m'mutu.

Kodi mlatho n'chiyani?

Mlatho ndi miyala iwiri ya mtundu umodzi imene sikukhudzana, koma pakati pake pali zipinda ziwiri zopanda kanthu zimene chilichonse chikukhudza miyala yonse iwiriyo. Miyala ya Wofiira ya pa f6 ndi e8 ndi mlatho, chifukwa e7 ndi f7 zikukhudza yonse iwiri. Wabuluu akalowa pa e7, Wofiira amaika pa f7, ndipo akalowa pa f7, Wofiira amaika pa e7. Popeza Wabuluu sangaike miyala iwiri nthawi imodzi, sangathe kuudula mlathowo bola Wofiira ayankhe pompopompo.

Phindu lake ndi liwiro. Mwala woikidwa pafupi ndi unzake umapita patsogolo ndi mzere umodzi, pamene mlatho wolunjika kumphepete umadumpha mizere iwiri popanda kutaya chitetezo. Mwala wa mumzere wachiwiri kuchokera kumphepete nawonso uli ngati pamlatho ndi mphepeteyo: d10 ili ndi c11 ndi d11 pansi pake, ndipo Wabuluu sangatseke zonse ziwiri. Choncho miyala isanu yokha, h2, g4, f6, e8 ndi d10, ndi yokwanira kupambana, ngakhale kuti mndandanda weniweni wosaduka umafuna miyala 11. Osewera odziwa akaona miyala isanu yotereyi sadikira kuti zipinda zidzaze, wogonja amangovomereza basi.

Ngati mlatho suduka, bwanji osadzaziratu zipinda zake kuti mtima ukhale m'malo?

Kudzaza mlatho mdani asanalowemo n'kutaya mpata wosewera, ndipo mu Heksi mpata umodzi ndiwo umasiyanitsa wopambana ndi wogonja. Mwala umene mwadzazira mlatho ukanatha kuikidwa pamalo pamene mndandanda wanu udakali wofooka. Kumbali inanso, kulowa m'mlatho wa mdani popanda chifukwa nakonso n'kutaya, chifukwa kulowako ndi chiopsezo chimene mungachigwiritse ntchito kamodzi kokha, ndipo simudziwa msanga kuti mwa zipinda ziwirizo n'chiti chimene mudzachifune pambuyo pake. Wosewera wodekha amasunga chiopsezocho kufikira pamene mwala wolowera m'mlathowo ukugwiranso ntchito ina, monga kuthandiza mndandanda wake umene ukudutsa pafupi.

Kodi pali nthawi imene mlatho umaduka?

Ilipo, ndipo kawirikawiri zimachitika pamene milatho iwiri ikudalira chipinda chimodzi. Tiyerekeze kuti Wofiira ali ndi miyala pa e8, f6 ndi g7, ndipo Wabuluu ali kale ndi mwala pa f8. Mlatho wa f6 ndi e8 ukudalira e7 ndi f7, pamene wa f6 ndi g7 ukudalira g6 ndi f7. Wabuluu akaika pa f7, waopseza milatho yonse iwiri ndi mwala umodzi. Wofiira akapulumutsa woyamba poika pa e7, Wabuluu amaika pa g6 n'kulekanitsa g7 ndi anzake, ndipo akapulumutsa wachiwiri poika pa g6, Wabuluu amadula pa e7.

Mwala wa pa f8 ndiwo wachititsa zonsezi. Chipindacho chikanakhala chopanda kanthu, e8 ndi g7 zikanakhala pamlatho wachitatu kudzera pa f7 ndi f8, ndipo Wofiira atayankha pa e7, mwala wa g7 ukanatsala ndi njira ziwiri, g6 kapena f8. Njira yodziwira ngati mndandanda wa milatho uli wolimba ndi kuwerenga zipinda zopanda kanthu zimene mlatho uliwonse ukudalira, kuphatikizapo zolumikiza kumphepete, n'kuona ngati pali chipinda chimene mwachitchula kawiri. Chikapezeka, dziwani kuti mdani wachiona kale.

Kodi mwala ungakhale wolumikizika kumphepete usanafike pamzere wachiwiri?

Inde. Mwala wa mumzere wachitatu kuchokera kumphepete umakhala wolumikizika kale ngati zipinda zina zisanu ndi zitatu zoyandikana nawo zili zopanda mwala wa mdani, ndipo kaonekedwe kameneka osewera amakatcha zigurati. Mwala wa Wofiira wa pa i9 uli ndi njira ziwiri zosagawana chipinda. Yoyamba ndi kuika pa h10, pamene pansi pake pali g11 ndi h11. Yachiwiri ndi kumanga mlatho kupita pa j10 kudzera pa j9 ndi i10, pamene pansi pake pali i11 ndi j11. Wabuluu akaononga njira imodzi, Wofiira amatenga inayo, ndipo palibe chipinda chimene chingaononge zonse ziwiri.

Mwala wa mumzere wachinayi nawonso ungakhale wolumikizika ngati malo ali otakasuka mokwanira. Pabolodi yopanda miyala ina kumunsiko, e8 ndi wotero: Wabuluu akatchinga pa d10 kapena d9, Wofiira amamanga mlatho kupita pa f9 n'kupeza zigurati kumanja, ndipo akatchinga pa e9, Wofiira amaika pa d9 n'kupeza zigurati kumanzere. Tanthauzo lake ndi lakuti Wofiira akakhala pa f6, wangotsala ndi mwala umodzi kuti amalize mbali ya kumunsi, ndipo Wabuluu ali ndi mpata umodzi wokha wosankha potchinga. Mpatawo ukaonongeka, kumunsiko kwatha.

N'chifukwa chiyani kutchinga pafupi penipeni ndi mwala wa mdani kumalephera?

Kumalephera chifukwa mwala uliwonse uli ndi zipinda ziwiri kutsogolo kwake, ndipo wotchinga amatseka chimodzi chokha. Wofiira ali pa f6, ndipo Wabuluu akuika pa f7 poganiza kuti watseka njira. Wofiira amadutsa pa e7. Wabuluu akam'tsatira pa e8, Wofiira amatsika pa d8, ndipo zimapitirira motero: d9 ya Wabuluu iyankhidwa ndi c9, c10 iyankhidwa ndi b10. Apa Wofiira wafika pamzere wachiwiri ali ndi a11 ndi b11 pansi pake, choncho walumikizika. Kumbukirani kuti chipinda cha pangodya ngati a11 chimawerengedwa kuti chili m'mphepete zonse ziwiri zimene zikukumana pamenepo, ndiye kuti ndi chabwinobwino kwa Wofiira.

Miyala inayi ya Wabuluu yapanga khoma lalitali, koma khomalo layenda motsatira Wofiira m'malo momuima kutsogolo. Zili ngati kuthamangitsa mbuzi m'munda muli kumbuyo kwake: imene ikusankha kolowera ndi mbuziyo, pamene munthu wodziwa amatsogola kukaima pampata. Chizindikiro chakuti mwagwa mu vuto limeneli n'chakuti mwala uliwonse umene mdani akuika ukutsika ndi mzere umodzi, ndipo inu mukungoyankha.

Nanga kutchinga pa chipinda chimene mdani amafuna kumangapo mlatho?

Kumeneku n'kwabwinoko, koma pakokha sikukwanira. Wofiira ali pa f6, Wabuluu akutenga e8, chipinda chimene mlatho wolunjika ukanafikapo. Wofiira sataya nthawi n'kulimbana ndi mwalawo, amangomanga mlatho wopendekera kupita pa g7, kudzera pa g6 ndi f7. Wabuluu akabwereza njira yomweyo poika pa f9, Wofiira amapita pa h8 kudzera pa h7 ndi g8. Wabuluu akaika pa g10, Wofiira amapita pa i9 kudzera pa i8 ndi h9, ndipo i9 ndi zigurati imene tafotokoza ija, zipinda zake zonse zili zopanda kanthu. Milatho itatu ya Wofiira sikugawana chipinda, kotero palibe poti Wabuluu adule.

Ena amayesa kuphatikiza njira ziwirizi: atatchinga pa e8, Wofiira n'kupita pa g7, iwo amaika pa g8 pafupi penipeni ndi mwalawo. Izi zimatsekadi njira ya kumanja, koma e8 ndi g8 si mlatho, chifukwa pakati pake pali chipinda chimodzi chokha, f8, ndipo Wofiira amalowa pomwepo. Wabuluu amathabe kum'gwira poika pa e10, koma nkhondo imakhala itasamukira pafupi kwambiri ndi mphepete ya Wofiira.

Ndiye kutchingira kutali n'kutani kwenikweni?

Ndi kuika mwala mizere itatu kutsogolo kwa mwala wa mdani, pamalo pamene mwala wanu wachiwiri udzathe kupanga mlatho ndi woyambawo, kaya mdani apite kumanja kapena kumanzere. Polimbana ndi f6, malo amenewo kumunsi ndi e9, ndipo ngati mwasankha kutchinga kumtunda, malo ofanana nawo ndi g3. Mwala wa e9 sukhudza chilichonse cha Wofiira ndipo suoneka ngati ukutseka kanthu, n'chifukwa chake ongoyamba kumene amauopa. Ntchito yake imaonekera pamwala wotsatira.

Tiyambe ndi kumanja. Wofiira akumanga mlatho kupita pa g7 monga anachitira poyamba paja, ndipo Wabuluu akuika pa g8. Pachithunzi ichi F ndi Wofiira, B ndi Wabuluu:

```
    a b c d e f g h i j k
 6  . . . . . F . . . . .
  7  . . . . . . F . . . .
   8  . . . . . . B . . . .
    9  . . . . B . . . . . .
    10  . . . . . . . . . . .
     11  . . . . . . . . . . .
```

Tsopano g8 ndi e9 ndi mlatho wa Wabuluu kudzera pa f8 ndi f9. Wofiira akalowa pa f8, Wabuluu amaika pa f9, ndipo mpata umene unalipo pamene mwala woyamba unali pa e8 palibenso. Kusiyana kwa zochitika ziwirizi ndi mzere umodzi wokha. Wofiira akayesa kuzungulira pa h7, Wabuluu amatseka pa h8, kenako i7 iyankhidwa ndi i8, j7 ndi j8, k7 ndi k8. Apa Wabuluu akutchingadi pafupi penipeni, koma tsopano zikum'yendera, chifukwa Wofiira sakutsikanso, akungoyenda chopingasa mumzere wa 7, ndipo khoma la Wabuluu likulowera kumphepete yake ya kumanja.

Kumanzere zimathera msanga. Wofiira akamanga mlatho kupita pa d7 kudzera pa e6 ndi e7, Wabuluu amaika pa d8, umene ndi mlatho ndi e9 kudzera pa e8 ndi d9. Wofiira akatsika pa c8, Wabuluu amatseka pa c9, ndipo b9 iyankhidwa ndi b10, a10 iyankhidwa ndi a11. Wabuluu wafika kumphepete yake ya kumanzere ndi miyala yokhudzana d8, c9, b10 ndi a11. Wofiira akayesa kudumpha poika pa b8 m'malo mwa c8, Wabuluu amaika pa b9, umene uli pamlatho ndi d8 kudzera pa c8 ndi c9, komanso uli ndi a9 ndi a10 zoulumikiza kumphepete.

Mwala umodzi wa e9 wakhala mutu wa mlatho kumbali zonse ziwiri, pamene e8 sunathe kutero. Poyesa ngati malo amene mukufuna kutchingapo ali oyenera, tengani milatho yonse imene mdani angamange kulowera kumphepete yake, ndipo pa uliwonse mudzifunse ngati pali chipinda chimene chikutseka kutsogolo kwa mwala watsopanowo chikupanganso mlatho ndi mwala wanu wakutaliwo.

Bwanji ngati Wofiira angolunjika pa mwala wakutaliwo?

Imeneyi ndiyo njira yovutitsa kwambiri, ndipo ndi bwino kuitsata mwala ndi mwala. Wabuluu ali pa e9, ndipo Wofiira akuika pa e8, pamlatho ndi f6. Pansi pa e8 pali d9 ndi e9, ndipo popeza e9 ndi ya Wabuluu kale, iye amatseka pa d9. Wofiira tsopano amadumphira pa g8. Mwala umenewu ukuoneka wotayika, koma ndi wovuta kuudula: Wabuluu akaika pa g7, Wofiira amaika pa f8 n'kukhudza e8, ndipo akaika pa f8, Wofiira amaika pa g7 pamlatho ndi f6. Apa tikuona chifukwa chake Wofiira anayamba ndi e8, pakuti popanda mwalawo g8 ikanadulidwa.

Wabuluu ali pamavuto, ndipo njira yopezera yankho ndi kuwerenga ziopsezo za Wofiira n'kufunafuna chipinda chimene chikupezeka mu zonse. Chiopsezo choyamba ndi mlatho wopita pa f10, umene ukudalira f10, f9, g9, e11 ndi f11. Chachiwiri ndi mlatho wopita pa h9, umene ukudalira h9, h8 ndi g9, kenako zigurati ya g10, f11 ndi g11 mbali imodzi, ndi i10, i9, h10, h11 ndi i11 mbali inayo. Zipinda zopezeka m'magulu onse awiri ndi ziwiri zokha, g9 ndi f11, choncho mwala woikidwa pena paliponse wagonja kale. Mwachitsanzo, kutchinga pa f10, kumene kumabwera msanga m'maganizo, kumayankhidwa ndi h9.

Mwa ziwirizo, f11 nayonso imagwa. Wofiira amaika pa e10, imene ili ndi d11 ndi e11 pansi pake, ndipo Wabuluu amakakamizika kutseka pa f9. Wofiira akaika pa g9 amaopseza pawiri: kulumikiza e10 kudzera pa f10, kapena kumanga mlatho kupita pa h10, imene ili ndi g11 ndi h11. Choncho yankho lokhalo ndi g9. Wofiira amalowa pa f9, pakati pa e9 ndi g9, ndipo Wabuluu amaika pa e11, chipinda chimene chili pansi pa e10 ndi f10 zonse ziwiri. Wofiira waloweradi mpaka mkati, koma sanalumikizike.

Kodi makwerero n'chiyani, ndipo akugwirizana bwanji ndi kutchingira kutali?

Makwerero ndi zimene zimachitika pamene wosewera mmodzi akukankha motsatira mphepete, mnzake n'kumatseka pansi pake mwala ndi mwala, mizere iwiri ya miyala n'kumayenda limodzi. Pamene tasiyira pamwambapa, Wofiira akaika pa f10, Wabuluu amatseka pa f11, ndipo g10 iyankhidwa ndi g11, h10 ndi h11, mpaka k10 ndi k11. Wofiira akangokankha chomwecho mpaka kumapeto, amakhala atam'mangira Wabuluu njira yokafika kumphepete ya kumanja. Kumanzere n'chimodzimodzi: e10 iyankhidwa ndi d11, ndipo makwererowo amakathera pa a11 ya Wabuluu.

Zinthu zimasintha ngati Wofiira ali kale ndi mwala panjira ya makwererowo. Tiyerekeze kuti pa h10 panali mwala wake kuyambira kale. Iye amaika pa f10, Wabuluu pa f11, iye pa g10 n'kukhudza h10, ndipo tsopano pansi pa miyala yakeyo pali g11 ndi h11, zimene Wabuluu sangatseke zonse. Mwala wotere umatchedwa potulukira makwerero. Kutchingira kutali kawirikawiri sikuimitsa mdani kotheratu, koma kumasandutsa njira imene inali yotseguka kukhala makwerero, ndipo wopambana makwererowo amadziwika ndi miyala imene ili m'ngodya. N'chifukwa chake musanasankhe potchinga muyenera kuyang'ana ngodya ziwiri za mphepeteyo. Ngati mdani ali ndi potulukira kumanja, tchingani mokankhira makwererowo kumanzere, ndipo ngati ali ndi potulukira mbali zonse ziwiri, mwina ndi bwino kukatchinga kumphepete yake inayo.

Wokankha makwerero asafulumire kuwatsiriza. Nzeru ndi kusiya kukankha kudakali mtunda, n'kuika mwala patsogolo umene ukhale potulukira ndipo nthawi yomweyo uopseze kulumikizika ndi gulu lalikulu kudzera njira ina. Njira ziwirizo zikakhala zosagawana chipinda, wotchinga sangayankhe zonse.

Kodi ndiziika maganizo pa kulumikiza mphepete zanga kapena pa kutchinga mnzanga?

Mu Heksi ziwirizi ndi chinthu chimodzi, chifukwa masewerawa satha molepherana. Bolodi ikadzaza, mmodzi yekha mwa awiriwo amakhala atalumikiza mphepete zake, ndipo David Gale anasindikiza umboni wa masamu wa mfundo imeneyi mu 1979. Choncho amene watsekereza mdani kotheratu walumikiza mphepete zake ngakhale sanali kuganizako. Zitsanzo za pamwambazi zikuonetsa zomwezo: d8 ndi e9, kapena e9 ndi g8, taziyala ngati zotchinga, koma ndi milatho ya mndandanda wa Wabuluu wochokera kumanzere kupita kumanja.

Chothandiza ndi kuyang'ana bolodi ndi maso a mnzanu musanaike mwala. Pezani malo amene mndandanda wake uli wofooka kwambiri, ndipo muyerekeze ndi malo ofooka kwambiri a mndandanda wanu. Kawirikawiri malo awiriwa amakhala amodzi, ndipo mwala woikidwa pamenepo umagwira ntchito ziwiri. Kulimbitsa mbali imene ndi yolimba kale sikuonjezera kanthu, pakuti mndandanda umadukira pofooka.

Kodi e9 imam'pambanitsa Wabuluu polimbana ndi f6?

Ayi, palibe lonjezo lotero. Nash anaonetsa kuti wosewera woyamba ali ndi njira yopambanira ngati salakwitsa, ngakhale umboni wakewo sunena kuti njirayo ndi iti, ndipo mwala wa pakati ngati f6 ndi wamphamvu kwambiri. Pofuna kuchepetsa mwayi umenewu, anthu amasewera ndi lamulo losinthana: wosewera woyamba akaika mwala wake, wachiwiri amaloledwa kuutenga kuti ukhale wake m'malo moyankha. Aliyense woyamba ndi f6 amalandidwa mwalawo, kotero m'masewera enieni woyamba amaika mwala wofooka pang'ono chakumphepete, ndipo nkhondo ya pakati imadzayamba pabolodi pali kale miyala ina.

Tagwiritsa ntchito f6 pabolodi yopanda kanthu chifukwa imaonetsa bwino kusiyana kwa f7, e8 ndi e9. Ziwiri zoyambazo, zikatsatiridwa ndi kutchinga kwa mtundu womwewo, zimam'patsa Wofiira mphepete ya kumunsi ndi miyala itatu kapena inayi. Yachitatu imatseka milatho yopendekera yonse iwiri, ndipo panjira yolunjika imam'fikitsa Wofiira pa makwerero amene ayenerabe kuwapezera potulukira.

Ndi liti pamene kutchingira kutali sikungathandizenso?

Sikuthandiza pamene mwala wa mdani wafika kale pamalo olumikizika ndi mphepete. Mwala wa mumzere wachiwiri wokhala ndi zipinda ziwiri pansi pake, wa mumzere wachitatu wokhala ndi zigurati yathunthu, kapena wa mumzere wachinayi wokhala ndi malo otakasuka ngati e8 ija, sungatchingidwe ngakhale mutasankha bwanji. Kuponyako miyala n'kungotaya ziopsezo zimene mukanadzazigwiritsa ntchito. Zikatero, siyani mphepeteyo ndipo muyese kudula mwalawo kumbuyo kwake, pakati pa iwo ndi mphepete inayo ya mdani, pakuti kulumikizika ndi mphepete imodzi sikupambanitsa munthu.

Sikuthandizanso pamene mdani ali ndi mwala wina pafupi ndi pamene mlatho wanu wachiwiri ukanafikapo. Pachithunzi chija, Wofiira akanakhala kale ndi mwala pa f9, kuika pa g8 sikukanapanga mlatho ndi e9, ndipo iye akanangolowa pa f8 n'kulumikiza g7 ndi f9. Komanso ngati inuyo muli kale ndi mwala m'deralo, simufunikanso kutchingira kutali, chifukwa mwala umenewo ndiwo wakutali, ndipo wotsatirawo muyenera kuuika pafupi ndi mdani kuti mlatho utseke. Pabolodi zikuluzikulu monga za 13 kapena 19, pamene mwala wa pakati uli ndi mizere yambiri kutsogolo kwake, wotchinga amakhala ndi malo ochuluka oti asankhepo, koma kayesedwe kake n'komweko: tchulani milatho imene mdani angamange, ndipo muone ngati pa uliwonse muli ndi yankho lopanga mlatho ndi mwala umene mukufuna kuika.